Buku la Bayoloji Linapita ku Chanyanya

Towela anatuluka m'chipinda cha mayeso dzuwa lili pamutu, miyendo ikulemera ngati wachokera kodula nzimbe. Linali Lolemba, mwezi wa Ogasiti, ndipo mphepo inkanyamula fumbi pabwalo la sukulu n'kumalithira m'maso mwa anthu. Amene ankalemba sanali ana a yunifolomu ayi. Anali akuluakulu obwereza mayeso a giredi 12, ena ali ndi mabanja, ena atapempha tchuthi kuntchito. Pepala loyamba la masamu linali litatha, lija losalola kakyuleta, limene mayankho amalembedwa pa pepala la mafunso lomwelo. Motero palibe anatuluka nalo. Aliyense anatuluka ndi zimene mutu wake unasunga.

Towela anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ankakolopa ndi kuchapa nsalu pa kiliniki ina m'tauni ya Kafue, ndipo kwa zaka zisanu ankaonerera anamwino akugwira ntchito imene iye ankailakalaka. Kusukulu ya unamwino ankafuna makirediti asanu, kutanthauza giredi 6 kapena nambala yocheperapo, poti 1 ndiye yapamwamba. Atatu anali nawo. Anatsala masamu ndi bayoloji. Masamu anali atawabwereza kawiri, koyamba anapeza 8, kachiwiri 7. Ntchito yake ya pa kiliniki inali yoti itha mu Disembala, ndipo anali atagwirizana ndi mwamuna wake Fackson kuti zikakanikanso ulendo uno, mabuku aikidwe m'katoni, iye akakhale pa thebulo la nsomba kumsika. Fackson sananene zimenezi mwankhanza. Anangoti munthu sagogoda pakhomo limodzi mpaka zala kutha.

Kunja kwa geti, pansi pa mtengo wa mango, gulu lawo linali litasonkhana kale. Anali anthu asanu ndi mmodzi opemphera tchalitchi chimodzi, ndipo wotsogolera anali Elisha, kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka, mwamuna wa pakamwa popepuka amene ankatha kukumbukira funso lonse ndi manambala ake omwe. Iye anali atatulutsa kope mmene analemba mitu yonse ya masamu. Aliyense ankatchula funso limene akukumbukira, Elisha n'kumadula mutu wake ndi bolopeni yofiira. Nzeru yake inali yakuti chimene chabwera pa pepala loyamba sichibweranso pa lachiwiri, chifukwa msodzi saponya ukonde kawiri pamalo amodzi.

“Ba Towela, mwalemba shani?” anafunsa Elisha. “Nkhope yanu ili monga mwaona ba landilodi.”

Anthu anaseka. Towela anayankha kuti walemba bwino pang'ono, koma mumtima ankawerenga mafunso amene anawasiya opanda kanthu. Anali asanu. Ndipo panali lina la samu ya dziko, ija ya mizere yozungulira dziko lapansi, limene analiyankha mwachangu ndi mtima wonse. Linkafunsa kusiyana kwa nthawi pakati pa tauni ina ya pa madigiri 30 kum'mawa ndi ina ya pa madigiri 45 kumadzulo. Iye anachotsera, napeza 15, nalemba kuti ola limodzi. Tsopano pansi pa mango aliyense ankati maola asanu. Mwandida, mnzake wogulitsa tomato wa ku Shimabala, anamuuza monong'ona kuti asadandaule, iyenso anaphonya. Elisha anadula samu ya dziko ndi mzere wofiira wonenepa, nati imeneyo yapita, aionanso chaka cha mawa amene adzabwereze.

Ndandanda ya mayeso Towela anali ataikopera pa katoni n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Atafika kunyumba anaima pamaso pake osavula n'komwe nsapato. Lachiwiri masana, pepala lomaliza la bayoloji, lija lolemba zofotokoza. Mapepala ena awiri a bayoloji anali atalemba sabata yatha, ndipo anayenda bwino. Lachitatu kunalibe mayeso, koma linali tsiku la ntchito, chifukwa ku kiliniki anamupatsa masiku a mayeso okhaokha. Lachinayi m'mawa, pepala lachiwiri la masamu, lalikulu, la malikisi zana limodzi. Anawerenga maola amene anali akeake: madzulo a lero, m'mawa wa mawa, madzulo a mawa, ndi kachidutswa ka Lachitatu akaweruka. Magetsi m'dera lawo ankapita dzuwa likamalowa, ndipo maso ake sankagwirizana ndi kandulo.

Anatsegula buku la bayoloji, poti ndilo linali pafupi. Anawerenga tsamba limodzi la mtima ndi mitsempha, koma m'mutu munkangozungulira 30 ndi 45. Analitseka. Anatsegula kope la masamu. Mtima unamuuza kuti akuba nthawi ya bayoloji. Analitsekanso. Anatuluka kukaanula zovala za Yankho, mwana wawo wamkazi amene anali kwa azakhali ake sabata yonseyo, napeza kuti sizinaume, nazisiya. Anabwerera, nakhala, naimirira.

Khalidwe limeneli ankalidziwa. Chaka chatha linamudyera masiku awiri. Atalemba pepala loyamba anakhalira kufufuza funso lililonse limene anaphonya, kulira nalo, kulikonza, ngati kuti wina adzamubwezera pepalalo. Pofika tsiku la pepala lachiwiri anali atatopa ndi maliro a loyamba.

Fackson anafika ndi njinga yake cha m'ma folo, dengu la nsomba lili kumbuyo, atagulitsa zonse. Anapeza mkazi wake atakhala pansi pakati pa mapepala a mayeso a zaka zapitazo, amene Towela anawasonkhanitsa kwa zaka zitatu n'kumawasunga m'thumba la pulasitiki. Anali atawayala awiriawiri, loyamba ndi lachiwiri la chaka chilichonse. Sanali kuwerengera samu iliyonse. Ankangoyendetsa chala. Fackson anafunsa ngati m'nyumbamo mwagwa chimphepo.

Chimene Towela ankafuna chinali kuona ngati nzeru ya Elisha inali yoona. Anatenga chaka chimodzi: samu ya dziko inalipo pa pepala loyamba, kafunso kakang'ono, ndipo inaliponso pa lachiwiri, funso lathunthu la malikisi khumi ndi awiri. Anatenga chaka china, chimodzimodzi. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene anali nazo, panalibe chaka chimene inasowa pa pepala lachiwiri. Pepala limenelo lili ndi zigawo ziwiri. Choyamba munthu amayankha mafunso onse. Chachiwiri chili ndi mafunso asanu ndi limodzi, munthu n'kusankhapo anayi. Towela anali ndi awiri okha amene ankawakhulupirira: la girafu ya chiwerengero cha zinthu, ndi la mizere yodetsa mbali yosafunika. Funso lachitatu ankalidziwa mwa theka. Funso lachinayi analibe. Samu ya dziko ikanakhala lachinayi lake, ikanapanda kumugwetsa m'mawa womwewo.

Apo m'pamene anatenga pensulo n'kugawa tsamba pakati. Mbali ina analemba zimene anaphonya zomwe sizidzabweranso sabata ino. Mbali inayo analemba zimene anaphonya koma zikumudikira Lachinayi. Mbali yoyamba inadzaza msanga, ndipo anaipinda kuti asaione. Mbali yachiwiri inali ndi zinthu ziwiri zokha, ndipo pamwamba panali samu ya dziko.

Vuto linali lakuti sankamvetsa chifukwa chake anaphonya. Anatenga lalanje pa mbale, nalijambula mizere ndi bolopeni, wina wozungulira pamimba, wina wochoka kumutu kufika kumunsi. Analitembenuza, nalitembenuzanso, akudziyankhula yekha. Fackson, amene sukulu anailekera giredi 9, ankatsuka dengu pakhomo akumvetsera. Kenaka anafunsa kuti mzere wochoka kumutuwo ndi chiyani. Towela anati ndi poyambira kuwerenga, ena ali kum'mawa kwake, ena kumadzulo.

“Monga njanji,” anatero Fackson. “Amake Yankho, ine nikakhala makilomita atatu kutsidya kwa njanji, imwe muli anayi mbali ino, pakati pathu ni imodzi? Ndiye kuti tayandikana bwanji?”

Towela anayang'ana lalanje lija nthawi yaitali. Mbali zosiyana, kuphatikiza. Mbali imodzi, kuchotsera. 30 ndi 45 ndi 75, ndipo madigiri 15 aliwonse ndi ola limodzi. Maola asanu. Aphunzitsi a kalasi ya obwereza anali atanenapo zimenezi kangapo, koma zinkalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Anamuuza mwamuna wake kuti akanakhala wa nzeru choncho masiku onse bwenzi ali ndi galimoto. Fackson anati galimoto ikubwera, ikudikira namwino. Kenaka anapempha lalanjelo kuti adye, ndipo anakanizidwa.

M'mawa wa Lachiwiri unali wovuta koposa. Foni inkangolira ndi mauthenga a gulu: akumana kutchalitchi 8 koloko, apemphere, kenaka abwereze bayoloji mpaka nthawi ya mayeso. Elisha analemba kuti mtima wake ukumuuza za impso. Towela anavala, nafika mpaka pa geti, naima. Mwambo wa aliyense ndi wakuti umawerenga chimene ukulemba lero. Koma bayoloji anali ataiwerenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mapepala ake awiri anali kale m'thumba. Masamu ndiwo anali ndi bala. Anabwerera m'nyumba. Anapatsa samu ya dziko maola atatu, akuchita mafunso a zaka zitatu motsatizana: mtunda wotsata mzere wochoka kumutu, digiri iliyonse mamailosi a panyanja 60, mtunda wotsata mzere wopingasa, umene umafupika ukamatalikira pamimba pa dziko, liwiro la ndeke youluka pakati pa malo awiri. Funso loyamba linamutengera mphindi makumi anayi. Funso lachitatu, makumi awiri. Bayoloji anaipatsa ola limodzi lomaliza, akungoyang'ana zithunzi zimene anajambula yekha m'kope. Impso anaidumpha, poganiza kuti akuidziwa.

Impso inabwera. Inali m'chigawo choyamba, mmene mulibe kusankha, ndi chithunzi cha kachubu kopindikapindika kofuna maina ndi ntchito ya mbali iliyonse. Towela anadziwa awiri. Dzina lachitatu linafika pa lilime n'kubwerera. Anasiya mpata, napitiriza, nabwererako kawiri, osalipeza. Mafunso a magazi ndi a matenda opatsirana anawalemba bwino, poti zina ankaziona ndi maso kuntchito, koma potuluka sankakumbukira zimenezo. Ankakumbukira mpata uja.

Pansi pa mango Elisha anali ngati mkwati. Anthu ankamugwira dzanja, wina anamugulira chakumwa. Ataona Towela anamufunsa kumene anabisala m'mawa, nati amene athawa mapemphero impso imawapeza. Towela anaseka nawo pang'ono. Sanadikire kuti ayambe kukumbutsana mayankho. Anadutsa kumsika, nawoloka njanji, akuyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto.

Kunyumba manja ake anapita okha pa buku la bayoloji. Ankangofuna kuona dzina lija, kamodzi kokha. Koma ankadziwa kuti akaona dzinalo adzafuna kuonanso lina, kenaka kuwerengera malikisi amene wataya, kenaka dzuwa lidzalowa. Bayoloji inali itatha. Panalibe chimene bukulo likanasintha. Analiika pansi pa matiresi. Patapita mphindi khumi anapezeka atagwada pambali pa bedi. Analiika pamwamba pa kabati, nakhala pansi, maso ali kukabati.

Fackson atabwera, Towela anamupatsa bukulo pamodzi ndi kope lake.

“Atate ake Yankho, mawa mupite nalo ku Chanyanya kokagula nsomba. Mukalisiye kwa alamu anu. Musabwere nalo mpaka Lachisanu, olo nikupempheni bwanji.”

Fackson anafunsa ngati nsomba nazonso zikulemba mayeso. Koma analikulunga m'pulasitiki n'kuliika pansi pa dengu, ndipo usiku umenewo dengulo linagona kwa aneba. M'mawa kusanache bwino, buku linakwera njinga kupita kumtsinje.

Lachitatu Towela anakolopa makhonde ndi kapepala ka masamu m'thumba la yunifolomu. Akafinya chokolopera ankatulutsa, n'kuyang'ana, n'kubweza. Namwino wamkulu wa pa kiliniki anamuona, nangomuuza kuti asaiwale chipinda cha katemera. Nthawi ya chakudya Mwandida anafika, beseni la tomato lili pamutu, atatumidwa ndi gulu kudzamupatsa mndandanda wa Elisha. Unali ndi mitu inayi yoti aiwerenge, ndi ina yodulidwa mofiira. Anakhala kuseri kwa kiliniki pa benchi, ndipo Towela anatulutsa mapepala ake akale n'kumuonetsa chaka ndi chaka, chala chili pa samu ya dziko. Anamuuza kuti akaweruka akhale naye maola awiri, amuonetse za lalanje.

Mwandida anayang'ana mapepalawo, nayang'ana mndandanda. Anati zimene akuona ndi zoona, koma Elisha ananena za impso ndipo impso inabwera. Anatinso mutu wake ndi waung'ono, sungasenze zatsopano tsiku limodzi, ndipo gulu likumudikira 4 koloko.

“Iwe uli na mwayi, Towela, uli na mtima wokhala weka,” anatero akusenza beseni. “Ine nikakhala neka nimayamba kulira.”

Anamusiyira tomato anayi. Towela anamuyang'ana mpaka anakhota pa msewu waukulu, ndipo kukayika kunamugwira. Bwanji ngati chaka chino ndicho chaka chosintha? Bwanji ngati wataya impso chifukwa cha funso limene silibwera? Ataweruka anachitanso funso limodzi la samu ya dziko, lina la girafu, kenaka anabwereza mwachangu za chigawo choyamba. Kangapo konse anadzuka kukayang'ana pamwamba pa kabati, ngakhale ankadziwa kuti palibe kanthu. Madzulo anafunsa Fackson ngati bukulo analisiyadi. Fackson anati lili pa shelefu ya alamu, pakati pa mchere ndi maukonde, ndipo likupereka moni.

Lachinayi m'mawa anayang'ana kakyuleta kawiri, rula, kampasi, mapensulo awiri osongoka, chiphaso. M'chipinda cha mayeso, woyang'anira atalola kuti atsegule, Towela sanayambe ndi tsamba loyamba. Anapita kumapeto. Girafu inalipo. Mizere yodetsa inalipo. Anatembenuza tsamba, ndipo pamwamba pake panali chithunzi cha mpira wa dziko ndi malo anayi olembedwa zilembo, awiri kum'mawa, awiri kumadzulo. Kumbuyo kwake wina anapuma mokweza, mpando n'kulira. Towela sanacheuke. Analemba kamzere kakang'ono pambali, kokhala ngati njanji, naphatikiza.

Sikuti zonse zinayenda. Chigawo choyamba chinamudyera nthawi, funso lina analisiya pakati, ndipo lachinayi la chigawo chachiwiri analifika patatsala mphindi khumi ndi ziwiri, nalemba theka. Potuluka anapeza pansi pa mango pali zii. Elisha ankafotokozera anthu awiri kuti chaka chino olemba mafunso achita zachilendo. Mwandida anakhala pa muzu, nsapato ili m'manja, akuchotsa kamwala kamene munalibe. Towela anakhala pambali pake mpaka minibasi ya ku Shimabala inafika.

Zotsatira zinatuluka kutatentha, mitambo itayamba kusonkhana. Towela anatumiza nambala yake pa foni ali kuseri kwa kiliniki, pa benchi lomwe lija, ndipo yankho linachedwa mpaka anayamba kuyenda uku ndi uku. Litafika analiwerenga katatu. Masamu 6. Bayoloji 6. Zonse ziwiri zinali pamalire penipeni, ngati munthu wolowa m'basi chitseko chikutsekedwa. Akanapatsa impso m'mawa uja mwina bayoloji ikanakwera, koma masamu akanatsala panja, ndipo Towela sankadziwa kuti ndi malikisi angati amene anamuwolotsa. Anaimbira Fackson, amene anali pa njinga pakati pa njira ya ku Chanyanya. Mwamunayo anati ndiye thebulo la kumsika alipatse wina.

Loweruka Mwandida anabwera kunyumba. Anali atapeza 8 pa masamu, ndipo anati Elisha wapeza 7 koma akuuza anthu kuti makina analakwitsa. Sanakhalitse pa nkhani imeneyo. Anafunsa ngati mapepala akale aja akadalipo. Towela anatulutsa thumba la pulasitiki, nawayala pansi awiriawiri monga anachitira tsiku lija, loyamba ndi lachiwiri la chaka chilichonse. Anawonjezapo buku la bayoloji, limene linabwera kuchokera ku Chanyanya likununkha nsomba zouma mpaka tsamba lomaliza. Mwandida analinunkhiza, nakwinya mphuno, naliika m'beseni. Kenaka Towela anatuma Yankho kukagula lalanje pa kantemba, nafunafuna bolopeni.